Mmene Tabia wa ku Dunoon Anapezera Mchimwene

Tabia anabadwira ku Ntaja, m'boma la Machinga, m'nyumba imene mawu akuti "ndimakukonda" sanamvekemo n'kamodzi komwe. Sikuti munali chidani ayi. Mayi ake akafuna kuonetsa zakumtima ankangofunsa ngati wadya, kapena kumukalipira poyenda padzuwa wopanda mpango. Bambo ake anatsikira kulichete asanatchulepo dzina la mkazi wawo pagulu. Ankangoti "amake Tabia", ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti m'mawu awiriwo muli zonse. Zomauzana kuti ndimakukonda zinali za oimba a pa wailesi ndi anyamata a kabaza oimbira atsikana likhweru pamsika, anthu oti sungawabwereke ndi nsengwa yomwe.

Ndiye atakwera basi ya ku Joni, napitirira mpaka ku Cape Town, anadzidzimuka kupeza mzinda umene chikondi chimagawidwa ngati timapepala ta asing'anga pa renki ya matakisi ya ku Bellville. Aliyense amakupatsira m'manja, ukangopita patsogolo pang'ono n'kuona tadzaza m'ngalande.

Woyamba kumukonda anali dona wina wa ku Table View, kumene Tabia anayambira ntchito ya m'nyumba. Donayo ankauza alendo ake onse, Tabia ali pomwepo ndi thireyi m'manja, kuti iwo amamukonda mtsikanayu, ndi wa m'banja lawo ndithu. Mawu a Chingerezi amene ankagwiritsa ntchito anali omwe aja ankauza nawo mwamuna wake, ana ake, galu wake, ndiponso mtundu wina wa tchizi. Tabia poyamba ankapita kukalira m'bafa ndi chimwemwe, poganiza kuti wapeza mayi kuchilendo. Banja lija litaganiza zosamukira kunja, galu anamufunira malo mosamala, ofuna kumutenga nachita kufunsidwa mafunso ngati ofunsira ntchito ku banki. Wa m'banja uja anamukumbatira pageti, n'kumupatsa makatani akale.

Makataniwo alipo mpaka lero. Ndi amene amatchinga bedi m'kachipinda kake ka malata, kuseri kwa nyumba ya mastandi, mayi wa Chikhosa amene amachititsa lendi ku Dunoon.

Kuchokera pamenepo Tabia anayamba kumvetsera mawu monga mmene munthu amene anagulapo nsomba yowola amanunkhizira nsomba iliyonse. Analowa ntchito yoluka tsitsi mu kontena ya Ellina, mayi wa ku Mulanje wapakamwa pakuthwa, ndipo kontena ya tsitsi ndi sukulu yabwino: mkazi akakhala pampando tsiku lonse mutu uli m'manja mwako, amaulula ndi zimene sanafunsidwe. Makasitomala a Chikhosa anamuphunzitsa kuti iwonso mawu okondera ali nawo amodzi, ukuthanda, okondera mayi, mwamuna ndi nyama yowotcha, koma sasokoneza poitana. Mnzako wocheza naye ndi chomi. Amene wamulowetsa mumtima ngati wobadwa naye ndi mntase. Koma sithandwa sam ndi wa kuchipinda, ndipo ukamva mwamuna wako akutchula zimenezo pa foni, usavutike kufunsa ngati akulankhula ndi azakhali ake.

Chiafirikaansi anachitola kwa Anti Faridah, mayi wachikaladi wogulitsa mesh, tsitsi lolukira lija, pa holoselo ya ku Bellville, amene ankaitana aliyense kuti my skat, kutanthauza chuma changa, ngakhale wapolisi wodzafunsa mapepala. Mayiyu, uku akuwerenga mapaketi, anamuuza kuti kwawo mbale zodyeramo chikondi zilipo zitatu. Hou van ndi ya tiyi, ya neba, ya bwana amene satukwana. Lief vir ndi ya mwana wako, mayi ako, ndi mwamuna amene wakalamba naye. Verlief ndi matenda a anthu ongokumana kumene, amagwira ngati chimfine, n'kutha ngati chimfine. Anamulangiza kuti mwamuna akati ali verlief, umupatse Panado, udikire.

Tabia anabwerera ku Dunoon tsiku limenelo akuchinyoza Chichewa. Chilankhulo chanji chodyera zonse m'mbale imodzi? Ndimakonda mayi, ndimakonda mpunga, ndimakonda Mulungu, ndimakonda mwamuna wa eni. Koma Ellina anamuseka, nati iwe wakhala kwa azungu mpaka waiwala kwanu. Kwathu chikondi sachisiyanitsira pa mawu okondawo, amachisiyanitsira pa dzina limene munthu akukutchula, ndi pamaso pa yani. Mnzanga ndi wa kuntchito ndi kumaliro. Mukapitirira mumati timagwirizana, kapena wa ponda apa nane m'pondepo. Ubwenzi ndi woyera, ungaunene pamaso pa shehe. Chibwenzi ndi cha mumdima, ndipo mkazi akati bwenzi langa ponena mwamuna, amayi amayang'anana. Wapamtima ndi wokondedwa ndi za m'nyimbo ndi pa keke. Mlongo, chemwali, achimwene, amenewo ndi magazi, ndipo amatseka chitseko. Koma mwamuna amene watsimikiza sataya nthawi ndi kukonda. Amapita kwa malume ake n'kunena kuti ndapeza mbeta, ndikufuna banja. Zikatero anthu amayamba kukuitana mwina, ndipo iye akamakamba za iwe amati akunyumba.

Ellina ankanena zimenezi akudziwa kumene akulasa, chifukwa nthawi imeneyo n'kuti Rafiq atalowa kale kuseri kwa makatani aja.

Rafiq anali wa ku Mangochi, wooneka bwino ngati chithunzi cha pa kalendala, ndipo ankanyamula makatoni pa golosale ya Msomali ku Bellville. Anthu ankamutama kuti amalankhula zilankhulo zisanu. Zoona zake n'zakuti ankadziwa kunyengerera m'zilankhulo zisanu, koma panalibe n'chimodzi chomwe chimene ankatha kulonjezeramo kanthu. Kasitomala wachikulire anali mama, wachitsikana anali my love, mtsikana wa pa tilu anali sisi bwana akakhalapo, sithandwa bwana akachoka. Anabwera kwa Tabia ndi chikwama chimodzi ponena kuti kumene amakhala kwapsa, agonako sabata chabe. Dzinja linadutsa, lina linadutsanso, chikwama chinabala nsapato, sipika ndi tcharja zosawerengeka.

Kwa Tabia Rafiq anali ndi Chingerezi chochuluka. I love you m'mawa, I love you bebi pa foni masana, timitima tofiira mpaka foni kutentha. M'Chichewa munalibe kanthu. Akakumana ndi anzake a kumzikiti ankati uyu ndi Tabia, basi, ngati akutchula dzina la siteji. Anyamata enawo ankamuitana Tabia kuti alamu, koma alamu a ku Dunoon ndi otchipa: mnyamata aliyense amatchula choncho mkazi aliyense amene wamupeza atakhala pafupi ndi mnzake m'takisi. Tsiku lina Tabia anamupempha kuti anene m'Chiyao mokha, mawu okondera aja akuti kunonyela, poti onse awiri anayamwa Chiyao. Rafiq anaseka, nati m'Chiyao zimamveka ngati akuuza agogo ake.

Tabia sanali wopusa. Ankadziwa kuti akukhala ndi mwamuna popanda ndowa, ukwati wa kumzikiti, ndipo amayi achisilamu a ku Dunoon ankamupatsa moni wa m'mphuno. Ankadziwanso mphekesera ya mtsikana wina kumudzi, Mwanahalima, amene ankati abale a Rafiq anamusankha kale kuti adzakhale mkazi wake. Atafunsa, Rafiq anati ameneyo ndi mwana, amangomukonda ngati mlongo wake. Tabia anawasunga mawu amenewo, osadziwa kuti adzakumana nawonso.

Kenako kunamveka kuti a Fakihi akubwera. A Fakihi anali amjomba a Rafiq, mlongo wa mayi ake, ndiye kuti mwini mbumba, munthu yekhayo amene mawu ake akanatha kuyambitsa ukwati wa mnyamatayo. Ankayenda ndi mabasi onyamula katundu wa anthu pakati pa Mangochi ndi Joni, ndipo ulendo uno anafika mpaka ku Cape Town. Ankagona kwa anzawo ku Bellville, ndipo anatumiza uthenga kuti Lamulungu masana adzaona kumene mwana wa mlongo wawo amakhala.

M'mawa wa tsikulo Rafiq anayamba kuchotsa zinthu za Tabia pazenera, mafuta odzola ndi zipeso, ati pakhale paukhondo. Tabia anamuyang'ana akuzilonga m'beseni, kenako anazibwezera chimodzichimodzi pomwe zinali. Anamuuza kuti iye sapempha mphete, sapempha tsiku, sapempha kuti Mwanahalima atukwanidwe. Akupempha chinthu chimodzi: amjomba akafunsa, monga mwambo umanenera kuti afunse, Rafiq adzayankhe m'chilankhulo chimene amjomba amamva.

"Koma bebi, you know I love you," anatero Rafiq, dzanja lili pachifuwa ngati wosewera mpira poimba nyimbo ya fuko.

"Chizungu chilibe mboni, a Rafiq. Lero munene za kwathu."

A Fakihi anafika dzuwa litapendeka, atavala mkanjo woyera umene matope a Dunoon anali ataupatsa kale moni m'munsi. Anali munthu wamfupi, wa ndevu zosamalidwa, wa maso oona zonse ndi pakamwa posankha zoti waona. Anavula nsapato pakhomo, nakhala pa mpando umodzi wokhawo. Kachipindako kanali koti ukatambasula manja wakhudza makoma onse awiri. Anaona makatani, anaona miyendo ya bedi limodzi pansi pa makataniwo, anaona mafuta pazenera ndi nsapato za mwana wa mlongo wawo zitagundana ndi za mkazi. Tabia anagwada, anawasambitsa m'manja, nawaikira mpunga ndi nkhuku imene anakagula yamoyo kuti ichinjidwe mwa Chisilamu. Anadya bwino, mafupa anatafuna, anakamba za misewu, za ku boda, za maliro a kumudzi. Atasambanso m'manja anatsokomola, Tabia atakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Tadya, takhuta. Nanga amene atiphikirawa ndi ndani?"

Rafiq anati ndi Tabia, wa ku Ntaja. Amjomba anati dzina alimva kale pakhomo, ndipo Ntaja akuidziwa, amadutsapo. Iwo afunsa kuti ndi ndani. Rafiq anayang'ana foni yake, ngati yankho libwera pa meseji. Anati ndi mnzake, amagwirizana kwambiri, kuchilendo kuno anthu amathandizana. Amjomba anagwedeza mutu nadikira, pakuti mnzako wothandizana naye sakhala ndi nsapato pansi pa bedi lako. Mnyamata wa zilankhulo zisanu uja anayang'ana Tabia, anayang'ana amjomba, kenako anatulutsa mawu amene anali asanawanenepo m'Chichewa chibwerere.

"Amjomba, ineyo Tabia ndimamukonda."

Mtsikana wongotsika basi dzulo akanalira pamenepo. Tabia sanasunthe. Ankadziwa kuti mawu amenewo ali ngati ndowa ya pa mjigo, aliyense amatungira, ndipo a Fakihi ankadziwanso.

"Ngakhale ine umandikonda," anatero mkuluyo, akuchotsa nyama m'mano. "Nkhuku tadyayi umaikondanso. Kukonda kwake kuti?"

Apa panali pamphambano, ndipo njira zonse zinali zoyera. Akanati ndikumufuna banja, amjomba akanakwiya mwina, akanatchula Mwanahalima, akanamunena kuti wayamba kudya asanasambe, komabe akanafunsa kuti nanga akwawo a mkaziyu tikawapeza kuti. Akanati ndi chibwenzi chabe, kukanakhala kutukwana, koma kutukwana koona. Rafiq anasankha njira ya khoswe, ya pansi pa khoma.

"Ndimamukonda ngati mlongo wanga, amjomba. Ndi chemwali wanga wa kuno."

Nkhope ya a Fakihi inamasuka ngati ya munthu amene wauzidwa kuti katundu wake wadutsa pa boda osatsegulidwa. Bodzalo analiona, linali lalikulu kuposa bedi lija, koma linali bodza lowapeputsira ntchito: kumudzi akanakanena kuti mwana ali bwino, akusungidwa ndi mlongo wachifundo, za Mwanahalima zipitirire. Anayamika Mulungu. Anatembenukira kwa Tabia ndi mawu okoma ngati uchi, nati basi kuyambira lero ndiwe mwana wathu, mbumba yanga yakula, vuto lililonse uzindiuza ine ngati mjomba wako.

Zimene zinamupweteka Tabia sizinali kukanidwa. Zinali kuti mwamunayo sanavutike n'kupeka komwe mawu atsopano. Anangotenga omwe aja anafundika nawo Mwanahalima n'kumufundika nawo iye, ngati bulangete la alendo. Anayang'ana munthu amene anamuchapira, kumuphikira ndi kumudikira, ndipo anaona katoni yopanda kanthu yolembedwa bwino kunja.

Anasendera pafupi chogwada, manja pamodzi, mutu pansi, mwaulemu wonse umene mayi ake anamuphunzitsa ku Ntaja.

"Zikomo amjomba pondilandira. Ndinalibe mwini kuno, lero ndapeza. Ndiye poti mwati vuto ndizikuuzani, lilipo limodzi." Anapuma. "Kwathu mnyamata akatha msinkhu sagona nyumba imodzi ndi mlongo wake. Amapita ku gowelo. Achimwenewa ndawasunga nthawi yaitali, chipinda mukuchiona, bedi mukuliona. Anthu atinena mokwanira. Inu ndinu mwini mbumba, chotsani manyaziwa lero."

A Fakihi akanati chiyani? Kuti mlongo ndi mchimwene apitirize kugona kuseri kwa katani imodzi, iwo atavala mkanjo, atangotchula kumene dzina la Mulungu? Kapena kuti mawu amene angowalandira ndi manja awiri anali abodza, ndipo iwo anadziwa? Msampha anautchera ndi mwana wa mlongo wawo, iwo anauyamikira, tsopano unagwira miyendo ya onse awiri.

Rafiq anathamangira kumene ankathawira nthawi zonse. Ananong'ona mwachangu m'Chingerezi, bebi usachite zimenezi, tikambirana, ukudziwa mmene ndimamvera.

"Achimwene," anatero Tabia mokweza pang'ono, "pali akulu pano. Lankhulani zoti amve."

A Fakihi anaimirira, nakonza chipewa, nauza mnyamatayo mosamuyang'ana kuti alonge, ku Bellville kuli mphasa. Chikwama chija chinakana kutseka, moti sipika anainyamulira m'manja. Tabia anawaperekeza mpaka pamsewu wa matakisi monga mwana wolandira bwino alendo, nawatsanzika onse awiri ndi maina awo atsopano. Mastandi, amene ankaonera zonse ali pa mpando wake pakhonde, anangofunsa ngati lendi isintha. Tabia anati sisintha, inali yake kuyambira kale.

Asaname munthu kuti Tabia anapambana. Anabwerera m'kachipinda konunkha nkhuku ndi mafuta onunkhira a mwamuna, natsuka mbale akulira mokwiya, ngati munthu amene akusenda anyezi wa eni. Amayi a moni wa m'mphuno aja sanasinthe mphuno zawo. Zaka zimene zinapita sizinabwerere, ndipo kumudzi mayi ake akaimba foni amafunsabe ngati wadya, kenako n'kukhala chete pamalo pamene pakanakhala funso lina.

Mauthenga a Rafiq anabwera ambiri, onse m'Chingerezi, ena ndi nyimbo. Tabia ankayankha umodzi mwa khumi, mwaulemu: muli bwanji achimwene, amjomba anafika bwino? Za Mwanahalima zinamveka kuti zinafera m'mazira, mtsikanayo anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Namwera amene anachita kupita yekha kukanena mawu oyenera kwa anthu oyenera.

Ndiye Loweruka lina, kontena itadzaza, Rafiq anatulukira pakhomo ataonda, atavala malaya ositidwa. Ellina anachepetsa wailesi kuti asaphonye kanthu. Tabia anali pakati pa mutu wa kasitomala wina wa Chikhosa, zala zikuyenda zokha. Mnyamatayo anaima pakati pa mesh yolendewera, ndipo pamaso pa akazi onsewo, m'Chichewa chomveka bwino, ananena kuti walakwa, wabwera, akumufuna banja.

Anali mawu enieniwo, osasowa kanthu. Tabia anawamva akulowa, nafufuza mumtima ngati muli pogwera, napeza kuti pamalopo anaikapo kale zina.

"Zimenezo sauza mkazi mu saluni, achimwene," anatero osasiya kuluka. "Amauza amjomba, amjombawo n'kupita kwa amjomba a mkazi. Ndiye vuto ndi limeneli: amjomba anu ndi a Fakihi, anganso ndi a Fakihi. Munatipatsa nokha. Akakakhala mbali iti ya mphasa?"

Kasitomala wa Chikhosa uja anafunsa Ellina kuti akuti chiyani, ndipo Ellina anayamba kumasulira mosangalala, akuwonjezera ndi zake. Rafiq anaimabe pang'ono, kenako anazindikira kuti watchinga kuwala. Tabia anapempha kasitomalayo kuti aweramitse mutu, natenga chingwe china cha mesh, nayamba mzere wotsatira.